Mowa umadya ndalama zingati pa sabata? Werengani zonse

Funsani munthu womwa kuti mowa umamudyera ndalama zingati pa sabata, adzakuwerengerani mabotolo okhawo amene anadutsa pakhosi pake. Maganizo anga ndi akuti chiwerengero chimenecho nthawi zambiri sichifika ngakhale theka la ndalama yomwe yachoka pakhomo.

Mitengo imasintha, choncho tiyeze chilichonse ndi mtengo wa botolo limodzi. Tiyerekeze bambo amene amagwira ntchito masiku 6 pa sabata, ndipo malipiro ake a tsiku limodzi angagule mabotolo 20. Pa sabata ndiye 120. Si chidakwa chogona m'ngalande ayi, ndi munthu wolemekezeka amene amangoti akukachotsa kutopa.

Lachiwiri amamwa 3, Lachinayi 3, Lachisanu 5, Loweruka 7. Onse pamodzi 18, ndipo ichi ndicho chiwerengero chimene angauze mkazi wake mosanama. Koma patebulo samwa yekha. Anzake akamugulira, naye amayenera kubweza, ndipo akamva kukoma amaitanitsiranso amene sanamugulirepo n'kamodzi komwe. Tiikepo 8. Mowa umafuna chotafuna, ndiye botolo limodzi usiku uliwonse womwa, 4. Lachisanu ndi Loweruka amachoka mochedwa, ulendo wausiku ndi wodula, 4 enanso. Tafika 34.

Chimene anthu amachiiwala kwambiri ndi tsiku la matsire. Tingoti kamodzi pa mwezi bamboyu amalephera kudzuka Loweruka, mutu ukuwaza nkhuni. Kwa wamaganyu kapena wabizinesi yakeyake, tsikulo palibe cholowa. Mabotolo 20 apita osamwedwa ndi munthu, ndipo tikawagawa pa masabata anayi ndi 5 pa sabata. Zonse pamodzi 39 pa 120, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro. Pa masabata 52 ndi mabotolo 2,028, omwe ndi malipiro a masabata pafupifupi 17. Munthu amagwirira mowa ntchito miyezi pafupifupi inayi pachaka, iye n'kumanena kuti amangomwa pang'ono. Foni yotayika ndi ngongole ya kubala sindinaziwerengere n'komwe.

Sindikunena kuti asiye lero. Ndikunena kuti aone pomwe pakudontha kwambiri. Akaleka kupita Lachiwiri ndi Lachinayi, wasunga 6 a mowa ndi 2 a zotafuna. Akachepetsa zogulira anzake ndi theka, 4. Akamanyamuka msanga tsiku limodzi, magalimoto akadali pamsewu, 2. Akamamwa mosafika pojomba ntchito, 5 aja abwerera. Ndi 19 pa sabata, pafupifupi malipiro a tsiku lathunthu, ndipo Lachisanu ndi Loweruka akumwabe.

Ndalama imeneyi ingatani? Pa miyezi itatu, masabata 13, ndi mabotolo 247, kupitirira pang'ono malipiro a masabata awiri. Ine ndikanayamba ndi ngongole ya chiwongoladzanja chokwera, chifukwa imeneyo imakula ngakhale munthu ali mtulo. Kenako chakudya chosaonongeka msanga, chogula chambiri nthawi imodzi. Banja logula pang'onopang'ono tsiku lililonse limalipira zambiri pa kilogalamu kuposa logula thumba, ndiye ndalama yomweyo imabereka ina. Zotsala zidikire teremu ya sukulu, kuti fizi ndi yunifolomu zisafike ngati ngozi pomwe tsiku lake limadziwika kale.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa: ndalama yosamwedwa siisungika yokha. Ikakhala m'thumba imathera timayunitsi ndi tinthu tosadziwika, mwezi ukatha munthu n'kumati kuchepetsa mowa sikunamuthandize kanthu. Ichotsedwe tsiku lolandira lomwelo, ipite kumene dzanja silifika msanga, kaya ku akaunti ina, kaya ku gulu losunga ndalama, kaya m'manja mwa mayi a pakhomo. Yopita nayo kubala ikhale yowerenga kale, ndipo foni yokhala ndi ndalama yambiri isamapite nawo, chifukwa munthu amene wamwa mabotolo anayi si amene anapanga bajeti m'mawa.

Kuti mudziwe chiwerengero chanu chenicheni, musawerenge mabotolo. Werengani ndalama ya m'thumba ndi ya m'foni musanatuluke, muwerengenso m'mawa mwake, mulembe kusiyana kwake kwa masabata anayi, kuphatikizapo sabata ya malipiro.

Kwa amene amamwa kwambiri tsiku lililonse, amene akadzuka manja amanjenjemera, thukuta lili kamukamu mpaka atamwako, nkhani yake ndi ina. Kusiya mwadzidzidzi kungamuchititse kukomoka n'kumaphupha, kapena kusokonezeka mutu, ndipo kumatha kupha. Ameneyo ayambire kuchipatala kuti amuthandize kuchepetsa bwinobwino, bajeti ibwere pambuyo.