Aphunzitsi, pepala la mphwanu lisiyeni!

Zimene ndamva sabata yathayi zandinyansa. Mphunzitsi wina, munthu wa imvi zake, wachonga yekha mayeso a mwana wa mlongo wake, mwanayo n'kutuluka nambala wani m'kalasi. Makolo a ana ena atadandaula, bamboyo akuti, "Ine sindikondera, funsani aliyense." Tifunse ndani? Tifunse mlongo wanuyo? Mwagwira choko zaka zonsezi koma simukudziwabe kuti pepala la m'bale silikhudzidwa?

Chibale n'fupa, sichiwola, ndipo dzanja logwira cholembera chofiira limafewa lokha mwini wake asakudziwa. N'chifukwa chake kulumbira kwa wochonga sikuthandiza kanthu. Ngakhale atalumbira mpaka kukhetsa misozi, umboni uli pa pepala.

Ndiye taonani zimene zinatuluka ahedi atakakamizika kufufuza. Funso linali chimangirizo cha malikisi 20: mfundo 8, kasanjidwe ka ndime 4, chiyankhulo 8. Ndondomeko yochongera inanena poyera kuti pa chiyankhulo, cholakwika chilichonse cha sipelo kapena galamala chichotse theka la malikisi amodzi. Anatenga mapepala asanu ndi limodzi, la mphwakeyo ndi ena asanu, a ana okhoza ndi a ana ofooka omwe. Anawakopera bwinobwino, opanda dzina, opanda chizindikiro chilichonse cha wochonga woyamba, n'kupatsa mphunzitsi wina wa phunziro lomwelo amene sankadziwa kuti la ndani ndi liti. Kubisa malikisi oyambawo n'kofunika, chifukwa munthu akaona 17 atalembedwa kale pamwamba, maso ake amangofunafuna zifukwa zovomerezera 17 yo.

Woyamba anali atapereka 15, 13, 12, 11 ndi 9 kwa ana asanu aja. Wachiwiri anapereka 14, 11, 11, 10 ndi 8. Mukuona? Wachiwiriyu ndi wouma dzanja pang'ono, amatsitsa aliyense ndi 1 kapena 2. Zimenezo si mlandu, ochonga awiri sagwirizana ndendende pa chimangirizo. Koma pepala la mphwake lija linatsika kuchoka pa 17 kufika pa 11. Chotsanipo 2 wa kuuma dzanja, mwatsala ndi malikisi 4 opanda mwini. Anachokera kuti?

Sanavutike kuwapeza. Mnyamatayo anali ndi zolakwika khumi za sipelo ndi galamala. Malume ake anadula mzere kunsi kwa ziwiri zokha, n'kumupatsa 7 pa 8, pamene ndondomeko ikanamupatsa 3. Mtsikana wina amene malumewo anamupatsa 11, zolakwika zake zonse zinadulidwa mzere, ngakhale kampumiro kamene anaiwala kumapeto kwa chiganizo. Diso lomwelo, cholembera chomwecho, tsiku lomwelo! Pa pepala la mwana wa eni likuthwa, pa la m'bale lachita khungu. Ndiye mukuti tifunse aliyense?

Kukondera kumabisala m'malo otero. Simudzakupeza pa funso losankha yankho, pamene cholondola n'chimodzi ndipo aliyense angathe kutsimikiza. Kumakhala pamene wochonga ali ndi ufulu woganiza: pa chimangirizo, pa theka la malikisi, pa njira yowerengera samu pamene yankho lomaliza lalakwika, pa yankho losamveka bwino limene mphunzitsi amati "ndamva chimene amafuna kunena." Mwamva bwanji? Si chifukwa choti mumamudziwa kuyambira ali khanda? Nanga winayo, amene analemba zofanana mawu ndi mawu, bwanji simunamumve? Ikani mayankho awiri ofananawo pamodzi, mutiuze chifukwa chake wina ali ndi 2 wina 0. Yang'ananinso kuwonkhetsa kwake. Mwana wa m'bale akakhala pa 48 ndipo kukhoza kukuyambira pa 50, malikisi awiri amamera okha pakati pa tsamba lomaliza ndi chikuto. Wa eni akakhala pa 49, amauzidwa kuti alimbikire teremu ya mawa.

Alipo enanso amene amandikwiyitsa mofanana, odzionetsa chilungamo. Poopa kunenedwa, amapondereza dala mwana wa m'bale wawo, kumudula malikisi amene anawagwirira ntchito usiku wonse, kenako n'kumanyadira pakati pa anzawo kuti "ngakhale wanga yemwe ndamulepheretsa." Mukunyadira chiyani? Mwabera mwana kuti muyeretse dzina lanu. Kufufuza komwe kuja kudzakugwiraninso, kungoti kusiyanako kudzaloza kwina: wachiwiri adzatsitsa onse, koma la mphwanulo adzalikweza.

Nanunso makolo ndi aphunzitsi okonda manong'onong'o, musaganize kuti ndakusiyani. Mwana kukhoza bwino m'phunziro la azakhali ake si umboni wa chilichonse. Mwina ndi wanzeru basi. Mwina kwawo kuli mabuku, ndipo amakula akumva phunzirolo likukambidwa m'nyumba. Mwayang'ana mmene amakhozera kwa aphunzitsi ena? Mwayang'ana zimene ankapeza m'phunziro lomwelo chaka chatha, asanagwe m'manja mwa m'bale wakeyo? Mwana amene amakhala pamwamba paliponse, n'kukhalanso pamwamba kwa azakhali ake, mukumufuna chiyani? Amene ayenera kukudabwitsani ndi uja amene amakwawa m'maphunziro onse koma n'kuuluka m'limodzi lokha. Ndipo ngakhale pamenepo, pepala limodzi losiyana ndi malikisi awiri kapena atatu silikwanira kuipitsira munthu mbiri. Onani ngati zikubwerezabwereza, ndipo ngati nthawi zonse zikupendekera mbali imodzi. Kulakwitsa kwa kutopa kumagwera uku ndi uku. Kukondera kumagwera kumodzi.

Pali china chimene kuchonganso sikungagwire ngakhale mutabweretsa ochonga khumi. Ngati mwanayo anaona mafunso pa tebulo la kunyumba mayeso asanalembedwe, pepala lake lidzakhala loyera, wochonga aliyense adzalipatsa malikisi apamwamba. Choulula pamenepo ndi mayeso ena a mitu yomweyo, okonzedwa ndi mphunzitsi wina, olembedwa wina akuyang'anira. Komabe muli aphunzitsi amene mumakonzera mayeso kunyumba, mapepala n'kuwasiya poyera, mwana wa m'kalasi mwanu akugona chipinda chinacho. Mukufuna tiziti chiyani?

Ndipo inu ahedi, munali kuti? Mumadziwa kuyambira tsiku loyamba la teremu kuti m'kalasimo muli chibale. Chinavuta n'chiyani kunena kuti pepala ilo lichongedwe ndi wina? Musandiuze kuti mphunzitsi wa phunzirolo ndi mmodzi yekha. Ndondomeko yochongera ilembedwe ndi kuperekedwa kwa inu mapepala asanatsegulidwe. Ana alembe manambala m'malo mwa maina. Wochonga amalize funso loyamba pa mapepala onse asanapite pa lachiwiri, kuti muyeso usasinthe pakati. Zoona, malume amazindikira kalembedwe ka dzanja la mphwawo ngakhale dzina litabisidwa, ndiye pepala limenelo, pamodzi ndi ena angapo, lidutsebe m'manja mwa munthu wachiwiri malikisi asanalowe m'kaundula. Asanalowe, osati makolo atayamba kale kufuula pakhomo pa ofesi.

Pano mnyamata uja anzake akumuloza chala, ngakhale malikisi amene anawapeza ndi thukuta lake palibe akuwakhulupirira. Sanapemphe kuti amukondere. Mwamuchititsa manyazi ndinu, akuluakulu. Chitani manyazi nanunso!