Poto wa Azakhali

MPHWAKE: Malume, tamvani nkhani imene ndalembayi. "Ukwati unachitika Loweruka. Mkwati anafika mochedwa. Mvula inagwa. Anthu anadya n'kubalalika."

MALUME: Nanga wakubayo anagwidwa?

MPHWAKE: Wakuba uti?

MALUME: Pepa, ndimayesa ndi lipoti la kupolisi. Akufotokoza nkhaniyi ndani?

MPHWAKE: Palibe. Ikungodzifotokoza yokha.

MALUME: N'chifukwa chake ili zii ngati ndiwo zopanda mchere. Ilembenso, koma uyiike m'kamwa mwa munthu amene analipo, yemwe ali ndi kake komudya mumtima. Titenge azakhali amene anabwereketsa poto wawo wamkulu kuukwatiko. Tiwapatse timakhalidwe tiwiri. Chilichonse amachionera pa poto wawoyo, ndipo akafuna kujeda amayamba ndi kukana kuti si amiseche.

MPHWAKE: Tayesani timve.

MALUME: (akukonza kukhosi) "Ine sindine wamiseche, koma mkwati uja anafika mpunga utapserera kale. Mu poto wanga. Mvula itayamba, anthu onse anathamangira kukafunditsa mkwatibwi, ngati iyeyo ndiye amachita dzimbiri."

MPHWAKE: Iii! Koma zochitika zake n'zomwe zija.

MALUME: Sindinasinthe kanthu. Kungoti kuchedwa kwa mkwati tsopano tikukuyeza ndi mpunga, osati wotchi. Kakhalidweko kasinthe zimene munthuyo akuona. Ukakachotsa nkhani n'kukhala chimodzimodzi, dziwa kuti unangokamatapo.

MPHWAKE: Ndamva! Ndiwonjezera chibwibwi, chifuwa, mwambi pa mzere uliwonse, komanso azingoti "sindine wamiseche" paliponse.

MALUME: Ukulemba nkhani kapena kabuku ka kuchipatala? Mawu awo aja abwere katatu basi. Kachitatu asawamalize n'komwe, angoti "Ine sindine wa..." n'kugwera m'miseche. Wowerenga amaliza yekha.

MPHWAKE: Ndiye azakhali afotokozenso zimene mkwati amaganiza m'galimoto.

MALUME: Analowamo bwanji m'mutu mwa mkwati, iwo ali kumafuwa? Apa ndi pamene ambiri amagwera. Wofotokoza amadziwa zokhazo zimene anaona kapena kumva. Za m'tchalitchi azinena kuti "akuti". Akanama, wowerenga aziwagwira bodzalo. Anene kuti sanadye kanthu chifukwa cha chisoni, kenako adandaule kuti nkhuku inali yolimba.

MPHWAKE: Koma malume, mayi ameneyu mukumudziwa bwino kwambiri. Si azakhali a m'nyumba muno amenewa? Paja poto wawo anasowa pa ukwati wa achimwene.

MALUME: Ndi munthu wongopeka, mphwanga.

MPHWAKE: Nanga poto amene mukumwetsera nkhumba kuseri uja?

MALUME: (akuyang'ana kukhitchini) Tsitsa mawu! Ndaganizanso bwino. Ija ya kupolisi ija inali yabwino. Tumiza yomweyo.