Amene satseka malonda msika usanatseke asamati amataya 1% yokha

Anzanga amene mumachita malonda a NAS100, mlozo wa mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a pa msika wa Nasdaq ku New York, pa foni kuno ku Lusaka, ndili ndi nkhani pa njira ija yodikira kuti mtengo ubowole malire a mphindi zoyamba msika ukangotsegula, imene m'magulu mwathu timailemba kuti ORB. Ambiri mwaigwira theka. Malire mumajambula bwino, loti mumawerengera, koma lamulo lotseka zonse msika usanatseke mumalitenga ngati lachibwana. Ine ndikuti lamulo limenelo ndi limene limagwira enawo. Mukalichotsa, mawu oti "ndimataya 1% yokha" asanduka bodza.

Tiyambe ndi nthawi, chifukwa apa mpamene ena amagwera asanayambe n'komwe. Msika wa masheya ku New York umatsegula 09:30 n'kutseka 16:00 pa wotchi yawo. Iwo amasintha wotchi kawiri pachaka, ife sitisintha. Kuyambira Lamlungu lachiwiri la Malichi mpaka Lamlungu loyamba la Novembala, kwa ife msika umatsegula 15:30 n'kutseka 22:00. Miyezi inayo ndi 16:30 mpaka 23:00. Komanso wotchi ya pa MT5, pulogalamu imene timachitirapo malonda, ndi ya buloka, si ya Lusaka: mabuloka ambiri amaisuntha limodzi ndi New York, kotero pa tchati kandulo yotsegulira imaoneka pa 16:30 chaka chonse. Mukasokoneza mawotchi awiriwa mujambula malire pa ola lolakwika.

Titenge chitsanzo cha Lachisanu lina mu Julayi. Manambala ndangowaika kuti tiwerengere pamodzi. Akaunti ili ndi madola 1,000, ndipo mwagwirizana ndi mtima wanu kuti pa malonda amodzi simutaya zoposa 1%, kutanthauza madola 10. Kuyambira 15:30 mpaka 15:45 simugwira kanthu, mukungoyang'ana. M'mphindi 15 zimenezi mtengo wakwera kufika 20,060, watsika kufika 20,010. Amenewo ndiwo malire anu. Pa 15:55 kandulo ya mphindi zisanu yatsekera pamwamba pa malire, ndipo mwagula pa 20,066. Stop Loss mwaiika pansi pang'ono pa malire am'munsi, pa 20,008. Mtunda wake ndi mapointi 58, tionjezepo awiri oti mtengo ungaterereke potuluka, akhale 60.

Loti sitimasankha ndi mtima, imatuluka m'masamu:

```
lot = 10 / (60 x 1) = 0.166
```

1 uyo ndi dola imodzi pa pointi pa loti yathunthu. Mabuloka amasiyana pamenepa, ndiye tsegulani Specification muone za wanu musanakhulupirire nambala yanga. 0.166 timaitsitsa kukhala 0.16, sitiikweza. Tsiku limene msika watsegula molusa, malire n'kutalikirana mapointi 150, masamu omwewo akupatsani 0.06. Ngati buloka wanu salola loti yochepera 0.1, tsiku limenelo palibe malonda. Kufinya sitopu kuti loti ikwane n'kudzinamiza, chifukwa mkati mwa malire mtengo umangoyendayenda ndipo udzaigunda popanda chifukwa.

Mpaka apa ambiri tili limodzi. Tsopano yakwana 21:50, kwatsala mphindi 10 kuti msika utseke. Mtengo sunagunde sitopu, sunathamangenso. Wakhala ukungozungulira madzulo onse, ndipo pano uli pa 20,040. Muli pansi ndi mapointi 26, amene pa loti ya 0.16 ndi madola 4.16. Lamulo likuti tsekani. Mtima ukuti: "Sitopu ilipo, ndingataye 10 basi, ndisiye mwina Lolemba ukwera."

Vuto ndi lakuti sitopu si lonjezo la mtengo. Ndi lamulo loti buloka agulitse pa mtengo woyamba umene upezeke mtengo ukangofika kapena kudutsa 20,008. Masana msika uli wodzaza, mtengo woyambawo umakhala pafupi. Koma Loweruka ndi Lamlungu palibe malonda, pamene nkhani za dziko sizipuma. Msika ukatsegulanso pa 19,850, sitopu yanu ikwaniritsidwa pafupi ndi pamenepo, osati pa 20,008. Ndi mapointi 216, madola 34.56. Mwataya kuposa katatu zimene munalola, pa malonda amene mukanatuluka ndi madola anayi okha. Ndipo pakati pa sabata si kuti muli otetezeka. Makampani akuluakulu a mu Nasdaq amakonda kulengeza zotsatira za malonda awo msika utangotseka, nthawi imene ogula ndi ogulitsa achepa, sipuredi yafutukuka. Onjezanipo Swap imene buloka amadula mukagoneka malonda.

Chimene chimatinyenga n'chakuti NAS100 ya pa foni siima pa 22:00. Makandulo amapitirizabe kuyenda, palibe belu lokuuzani kuti tsiku latha. Koma chifukwa chimene munagulira chatha. Munagula poganiza kuti mphamvu imene yabowola malire a kutsegulira ipitirira lero. Ikafika 21:50 isanatero, ganizo lanu lalephera, ngakhale sitopu isanagundidwe. Kugoneka malonda amenewo ndi kuyamba malonda ena atsopano opanda malire, opanda masamu.

Wina anditsutsa kuti kutseka mokakamiza kumadula phindu. Ndi zoona, ndipo sindibisa. Padzakhala masiku amene mutseka pa 21:50, m'mawa n'kupeza mtengo unakwera usiku wonse. Zimawawa. Koma taonani mmene njirayi imapezera ndalama. Kubowola kwambiri kumakhala kwabodza: mtengo umatuluka pang'ono, n'kubwerera mkati, n'kukugundani. Tinene kuti pa malonda 10 mwataya 6, madola 60. Atatu mwatuluka pamene munalowera. Limodzi lathamanga mapointi 400 mpaka madzulo, madola 64. Mwatsala ndi madola anayi, phindu lopyapyala ngati pepala. Kutaya kumodzi kwa madola 35 m'malo mwa 10 kwafafaniza zonsezo. Njirayi imakhala ndi moyo pokhapokha kutaya kulikonse kukhale kofanana ndi kwakung'ono, ndipo usiku ndi umene umaphwanya kufananako.

Palinso zathu za kuno. 21:50 ndi nthawi imene malaiti atha kukhala atapita, foni ili pa 4%, bando yatha, kapena mwagona pa mpando mutachoka ku ntchito mutatopa ndi mzere wa magalimoto pa Great East Road. Miyezi ya 22:50 ndiye n'koipirapo. Choncho Stop Loss iikidwe pamodzi ndi oda, kuti ikhale kwa buloka, osati m'mutu mwanu. Alamu ilire mphindi 20 nthawi yotseka isanakwane, foni ikhale ndi moto, ndipo mukhale ndi netiweki yachiwiri. Ngati mukudziwa kuti 22:50 simufika muli maso, sankhani ola lanu, kaya 20:30, mulilembe, mulisunge tsiku lililonse. Ola losinthasintha malinga ndi mmene tchati ikuonekera si lamulo.

Samalaninso masiku amene New York imatseka msanga. Lachisanu lotsatira tchuthi chawo cha Thanksgiving mu Novembala msika umatseka 13:00 kwawo, 20:00 kwathu. Tsiku limenelo alamu yanu ya 22:30 ilira msika utatseka kalekale, kumapeto kwa sabata kuli pakhomo.

Mu buku lanu lolembamo malonda onjezani danga limodzi: ola limene mwatsekera. Pakatha mwezi, sonkhanitsani malonda onse amene munataya zoposa madola 10 aja, muone angati mwa iwo anagona usiku.