Kutupa kwa mwendo umodzi

"Ndinakhala maola 12 m'ndege, tsopano katumba wakumanzere watupa, akutentha ndi kupweteka. Ndi kutopa chabe?"

Achimwene, musawusisite mwendowo, pitani kuchipatala lero lomwe. Kutopa kumatupitsa miyendo yonse iwiri. Ukatupa umodzi wokha, madokotala amayamba akayikira magazi oundana mumtsempha wam'kati.

Magazi a m'miyendo amakwera kubwerera kumtima chifukwa minofu ya katumba imafinya mitsempha tikamayenda. Mukakhala mutapinda mawondo maola opitirira 4, kufinyako kumaleka, magazi amayenda mwaulesi n'kuyamba kugwirana. Zimachitikanso kwa wodwala amene wagona masiku ambiri atachitidwa opaleshoni.

Chimene chimandiopsa ine n'chakuti chibuluma cha magazi oundanawo chimatha kuthothoka. Chimakwera ndi mtsempha waukulu wa m'mimba, kulowa mbali yakumanja ya mtima, ndipo mtimawo umachikankhira kumapapo. Kumeneko mitsempha imanka nichepa, ndiye chimakakamira n'kutseka njira. Mukayamba kubanika mwadzidzidzi, kumva kubaya pachifuwa popuma, kapena kutsokomola magazi, wina akuthamangitsireni kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale patapita masabata chibwerereni.