Zinthu zosachitikira limodzi SI zosadalirana, chonde lekani kusokoneza ana

Ndakwiya ndithu ndipo sindibisa. Mwana wa achemwali anga ali chaka choyamba ku koleji, wanditumizira chithunzi cha manotsi a pulobabilite amene akugulitsidwa pa malo ojambulitsa mapepala, otaipidwa bwinobwino, mitu yake yakuda bii, ndipo pa tsamba lachitatu alembapo kuti zochitika za indipendenti, kapena kuti zosadalirana, ndi zimene sizingachitikire limodzi. Pansi pake ajambulapo chithunzi cha Venn, timabwalo tiwiri totalikirana, kena uku kena uko. Kalasi yonse yaloweza zimenezo. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere! Amene analemba zimenezi watenga ndalama za ana n'kuwagulitsa bodza, chifukwa chimene wajambulacho ndi myuchuwale ekisikulusivu, kapena kuti zosachitikira limodzi, ndipo zinthu ziwirizi sikuti zimangosiyana pang'ono ayi, zimatsutsana kumene.

Tamverani. Zinthu ziwiri zikakhala kuti sizingachitikire limodzi, ndiye kuti zikudalirana koopsa, kudalirana kwake palibenso kwina koposa pamenepo. Mfundo yanga ndi yomweyi basi ndipo ndiibwereza mpaka ilowe.

Kusadalirana tanthauzo lake n'loti ukamva kuti A yachitika, mwayi wa B susuntha olo pang'ono, umakhala pomwe unali. Nkhani ya A siikuuza kanthu za B. Ndiye tengani gemu imodzi ya Bullets ndi Wanderers. A ndi yoti Bullets yawina, B ndi yoti Wanderers yawina gemu yomweyo. Zingachitikire limodzi? Ayi. Tsopano munthu akubwera kuchokera ku sitediyamu akukuuzani kuti Bullets yawina, inu mwayi woti Wanderers yawina mukuuika pa bwanji? Ziro. Gemu isanayambe mwayiwo unalipo ndithu, mwangomva mawu amodzi wagwa mpaka pa ziro, ndiye wina adzaima kutsogolo kwa kalasi n'kumati zinthuzi sizidalirana? Sizidalirana bwanji pomwe chimodzi chikangochitika chinzake chafa?

Tiyeni titenge dayisi ya ludo yomwe ija, ya mbali 6, tiponye kamodzi, kuti wina asanene kuti ndikungolalata.

A ikhale yoti yagwa nambala yogawika ndi 2, ndiye 2, 4, 6. Mwayi wake ndi 3/6, kapena kuti 1/2. C ikhale yoti yagwa nambala yosagawika ndi 2, ndiye 1, 3, 5, mwayi wake 1/2 womwewo. Palibe nambala imene ili konsekonse, ndiye mwayi woti A ndi C zichitikire limodzi, umene timaulemba kuti P(A ∩ C), ndi 0. Izi ndiye zosachitikira limodzi zija, timabwalo totalikirana tija. Tsopano tiziyese ngati zili zosadalirana. Muyeso wake ndi umodzi wokha, suyang'ana chithunzi, sufunsa mtima, umataimusa basi:

P(A ∩ B) = P(A) × P(B)

Mbali ziwirizi zikafanana ndiye kuti sizidalirana, zikasiyana zikudalirana, nkhani yatha. Pa A ndi C, kutaimusa 1/2 ndi 1/2 kukutipatsa 1/4, pomwe mwayi weniweni woti zichitikire limodzi ndi 0. Kodi 0 ndi 1/4 n'zofanana? Ndiye zalephera muyeso, zikudalirana. Ndipo sikuti zangochitika pa chitsanzo ichi chokha, nthawi zonse zidzatero, chifukwa manambala awiri oposa ziro ungawataimuse motani sangakupatse ziro. Pokhapokha chimodzi mwa ziwirizo chitakhala ndi mwayi wa ziro kale, monga dayisi ya ludo kugwa 7, m'pamene zonse ziwiri zingatheke nthawi imodzi, koma pa mafunso enieni a m'kalasi, pomwe chilichonse chili ndi mwayi wake, zosachitikira limodzi sizingakhale zosadalirana. Sizingatheke.

Nanga zosadalirana zenizeni zimaoneka bwanji? Dayisi yomweyo, kuponya kamodzi komweko. A ikhalebe 2, 4, 6. B ikhale yoti yagwa nambala yosapitirira 4, ndiye 1, 2, 3, 4, mwayi wake 4/6, kapena kuti 2/3. Manambala amene ali konsekonse ndi 2 ndi 4, ndiye P(A ∩ B) = 2/6 = 1/3. Taimusani 1/2 ndi 2/3, mupeza 1/3. Zafanana ndendende. Izi ndiye zosadalirana, ndipo taonani bwino, timabwalo take TALOWANA, pakati pali 2 ndi 4. Ngati simukukhulupirira fomula, ganizani chonchi: ndaponya dayisi ndaiphimba ndi dzanja, ndikukuuzani kuti yagwa yosapitirira 4. Mwatsala ndi 1, 2, 3, 4. Ogawika ndi 2 ndi awiri mwa anayi, theka. Ndisanakuuzeni kanthu unali theka, ndakuuzani ukadali theka, mawu anga sanakuthandizeni chilichonse. Kusadalirana ndi kumeneko, ndipo kuti kutheke zinthuzo ziyenera kukhala zotha kuchitikira limodzi. Ndiye chithunzi cha m'manotsi aja chikuonetsa chinthu chokhacho chimene zosadalirana sizingakhale.

Komanso musathamangire mbali inayo n'kumati timabwalo tikangolowana ndiye basi sizidalirana. Sinthani B pang'ono chabe, ikhale yosapitirira 3, ndiye 1, 2, 3. Mwayi wake 1/2. Konsekonse kwatsala 2 yekha, 1/6. Kutaimusa kukupereka 1/4. Sizikufanana. Apa zikutha kuchitikira limodzi koma zikudalirana, chifukwa ndikakuuzani kuti yagwa yosapitirira 3, mwayi wa A watsika kuchoka pa theka kufika pa 1/3. Nambala imodzi yokha yachoka ndipo yankho latembenuka. Pa chithunzi cha Venn zonse ziwiri zimaoneka chimodzimodzi, timabwalo tolowana, n'chifukwa chake ndikuti kusadalirana simungakuone ndi maso pa chithunzi, muyenera kuwerengera. Mwina chisokonezo chimayambira poti mitu iwiriyi imaphunzitsidwa tsiku limodzi ndipo timabwalo totalikirana timaoneka ngati tosadziwana, koma zimenezo si chifukwa choti munthu wamkulu azilemba zabodza n'kumalandira ndalama.

Wina anena kuti aaa ndi mayina chabe, bola mwana adziwe kuwerengera. Ayi achimwene, kuwerengerako ndi kumene kumaonongeka. Mwana akasokoneza ziwirizi amasokonezanso nthawi yophatikiza ndi nthawi yotaimusa. Kungophatikiza P(A) + P(B) kuti upeze mwayi wa A kapena B kumagwira pokhapokha zinthuzo zikakhala zosachitikira limodzi. Zikakhala zotha kuchitikira limodzi uyenera kuchotsa za pakatipo chifukwa waziwerenga kawiri:

P(A ∪ B) = P(A) + P(B) − P(A ∩ B)

Funso limene mwana wathuyu analakwa pa tesiti linali loti dayisi yaponyedwa kawiri, pezani mwayi woti 6 agwe olo kamodzi. Kuponya koyamba ndi kwachiwiri sikudalirana, dayisi ilibe mutu woti ikumbukire. Iye poti manotsi amuuza kuti zosadalirana sizichitikira limodzi, anangophatikiza 1/6 ndi 1/6 n'kupeza 12/36. Koma 6 akhoza kugwa konse kuwiri, aliyense wosewera ludo anaziona zimenezo, ndipo mwayi wake ndi 1/6 × 1/6 = 1/36, umene uyenera kuchotsedwa. Yankho ndi 11/36. Mukuona ngati kusiyana kwake n'kochepa eti? Pitirizani nzeru yomweyo mpaka kuponya ka 6. Kuphatikiza 1/6 ka 6 kukupatsa 1, kutanthauza kuti ukaponya ka 6 ndiye 6 agwa basi zivute zitani. Bodza lamkunkhuniza! Ndani sanakhalepo m'nyumba pa ludo anzake akuzungulira bolodi yonse iye 6 osabwera? Yankho lenileni umapeza mwayi woti 6 asagwe konse, 5/6 kuitaimusa yokha ka 6, imene ili pafupifupi 0.335, n'kuichotsa pa 1, ndiye pafupifupi 0.665. Mwa anthu atatu oponya ka 6, pafupifupi mmodzi amatuluka wopanda 6. Ndipo ukaponya ka 7 njira yophatikiza ija ikupatsa 7/6, mwayi wopitirira 1, chinthu chosatheka, pomwepo pokha munthu umayenera kudzidzimuka kuti china chake chalakwika.

Ndiye ophunzira inu, kaya muli Fomu 4 mukukonzekera MSCE kaya muli ku koleji, funsani mafunso awiri osiyana, musawasakanize. Loyamba, kodi zingachitikire limodzi? Ngati ayi, P(A ∩ B) ndi ziro, phatikizani, ndipo dziwani kuti zikudalirana. Lachiwiri, ndikadziwa chimodzi, mwayi wa chinzake ukusintha? Ngati sukusintha, taimusani. Pa makadi 52 aja, kutola khadi imodzi: kukhala mfumu ndi kukhala mfumukazi sizichitikira limodzi, ukaona kuti ndi mfumu za mfumukazi waiwala. Koma kukhala mfumu ndi kukhala ya mtima sizidalirana, 4/52 kutaimusa ndi 13/52 kukupereka 1/52, imene ndi mfumu ya mtima imodzi ija. Mfumu yomweyo, paketi yomweyo, maubale awiri osiyana kotheratu. Zothamangitsana zimadziwana, chimodzi chikalowa chinzake chimatuluka. Zosadalirana zilibe nazo ntchito, zikumane zisakumane.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'choti m'kalasi ya anthu ochuluka chonchija palibe olo mmodzi anatenga dayisi kapena kungolemba manambala 1 mpaka 6 papepala n'kuyesa. Mphindi ziwiri zokha bodza likanaonekera. Safunsa anadya phula. Koma ana ndiwadzudzule bwanji pomwe tinawazoloweza kuti chotaipidwa chilichonse n'choona, ndipo wofunsa funso m'kalasi amaoneka ngati wamwano?

Ndipo za manotsi ogulitsazi zafika posauzana. Palibe dzina la wolemba, palibe amene anawaona n'kuvomereza, wina amangokopera kwa wina, cholakwika chimodzi chimayenda chaka ndi chaka, kujambulidwa mpaka manambala kufufutika osadziwika ngati ndi 3 kapena 8. Mayankho a kumapeto ena olakwika, mwana wapeza 11/36 molondola akuyang'ana kumbuyo akupeza 1/3, akufufuta yankho lake labwinobwino n'kulemba la bodzalo. Makolo tikutumiza ndalama ya mapepala mwezi uliwonse poganiza kuti mwana akuphunzira. Inu ogulitsa, olo kungopatsa mphunzitsi mmodzi wa masamu kuti awerenge musanayambe kujambula zikukuvutani chani?