Chenjezo kwa inu amene mwaiwala m'bale wanu pa limandi

Abale anga, ndi inu ana athu amene mumakhalira pafoni, pali khalidwe lina limene tazolowera ndipo likundinyansa. Munthu akangokwezedwa m'galimoto ya polisi, ife mlandu tagamula kale. Kumudzi amayamba kutchedwa wakuba kapena chigawenga, chithunzi chake chikuzungulira m'magulu a pa WhatsApp, ndipo abale ake enieni amati asiyeni boma lithane naye. Pakatha miyezi iwiri palibenso wopita kukamuona. Pakatha zaka zitatu mumamva wina akufunsa pamaliro kuti kodi uja anamulamula zaka zingati, pamene munthuyo sanaimepo n'komwe pamaso pa woweruza kuti mlandu wake umvedwe. Ali pa limandi ku Maula, ku Chichiri, ku Zomba kapena ku Mzuzu, akudikira tsiku limene palibe analemba.

Malamulo aakulu a dziko lino, amene tinalandira mu 1994, sanabise mawu. Gawo 42 likuti munthu womangidwa atengeredwe kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ngati maolawo athera pa tsiku limene khoti silikugwira ntchito, apite tsiku loyamba limene khoti latsegula. Gawo lomwelo likuti munthuyo ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, kuti mlandu wake uzengedwe m'nthawi yoyenera, komanso kuti atulutsidwe, pa belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe. Mvetsani bwino pamenepa. Kutuluka ndiwo ufulu wake, ndipo ndi boma limene liyenera kufotokoza chifukwa chomusungira. Khoti lalikulu la apilo linanena zomwezi mu 2005 pa mlandu wa Fadweck Mvahe, ndipo umenewo unali wokhudza kupha munthu.

Chimene ambiri simudziwa n'chakuti masiku a limandi ali ndi malire. Mu 2010 aphungu anasintha lamulo la kazengedwe ka milandu ndi umboni n'kuikamo masiku owerengeka. Mlandu umene angathe kuzenga majisitireti, monga kuba mbuzi kapena kumenyana, munthu asasungidwe kupitirira masiku 30 mlandu usanayambe. Milandu ikuluikulu, monga kupha, kugwiririra, kugona ndi mwana, kuba moopseza ndi kuukira boma, gawo 161G likupereka masiku 90. Oimira boma pamilandu akafuna nthawi ina ayenera kukapempha kukhoti masikuwo asanathe, ndi zifukwa zomveka, ndipo khoti silingawonjezere kupitirira masiku 30. Masikuwa akatha, mlandu suthetsedwa ayi, koma khoti lili ndi mphamvu yopereka belo, kaya lokha kapena wina atalipempha. Vuto lili pa mawu akuti wina atalipempha. Winayo ndani, ngati inu abale ake mwakhala pansi?

Tiyerekeze nkhani imene imachitika m'midzi yathu chaka chilichonse. Kumayambiriro kwa Malichi anyamata akangana pamowa, ndewu yabuka, mmodzi wagwa, ndipo m'mawa mwake wamwalirira kuchipatala. Apolisi afika, anthu aloza mnyamata amene anamuona akukankhana ndi malemuyo madzulo. Mwina ndi iyeyo anamumenya, mwina ankangoleretsa. Zimenezo n'zimene khoti liyenera kufufuza. Agona m'chitokosi, amutengera kwa majisitireti, amuwerengera mlandu wakupha. Majisitireti alibe mphamvu yozenga mlandu wakupha, ndipo sangaperekenso belo pa mlandu wotere. Chimene angachite ndi kusayina chikalata chomutumiza ku limandi. Mlandu wake ndi wa kukhoti lalikulu, ndipo kuti ukafike kumeneko doketi, fayilo ya apolisi ya mlanduwo, iyenera kukhala ndi mawu a mboni ndi lipoti la achipatala lonena chimene chinapha munthuyo, kenako ipite ku ofesi ya mkulu woimira boma pamilandu.

Werengani nane. Masiku 90 a mnyamata uja atha kumayambiriro kwa Juni. Ngati boma linapempha nthawi yowonjezera n'kupatsidwa yonse, malire ake ndi kumayambiriro kwa Julayi. Chimanga chimene anasiya chikukhwima m'munda changolowa kumene m'nkhokwe, ndipo lamulo lati basi, kumusunga mlandu usanayambe kwakwana. Koma tsiku limenelo ku ndende sikulira belu. Wapolisi amene ankafufuza nkhaniyo asamutsidwa, doketi yatsala m'kabati. Lipoti la achipatala silinatengedwe. Mboni yaikulu yapita ku Joni. Galimoto yotengera anthu kukhoti ilibe mafuta. Palibe mmodzi mwa anthu amenewa amene anakhala pansi n'kunena kuti mnyamatayu akhale zaka zinayi, koma aliyense wasiya kachigawo kake, ndipo zaka zinayizo zikwana ndithu. Timakonda kunena kuti mlandu suola. Munthu amene akudikira mlanduwo ndiye amaola.

Amene simunapondeko, funsani amene anatulukako. Chakudya ndi kamodzi patsiku, nsima ya mgaiwa ndi nandolo kapena nyemba. Chipinda chimatsekedwa dzuwa likadali m'mwamba. Wobwera kumene sapeza malo ogona m'mbali mwa khoma. Amakhala pakati, pamene amati pa shamba, atakhala tsonga, mawondo ake ali pamsana pa mnzake, mpaka kucha. Mphere ndi chifuwa chachikulu zimayenda mosavuta m'malo otere. Mu 2009, pa mlandu umene anakasuma mkaidi Gable Masangano, khoti linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza zosayenera munthu, ndipo linalamula boma kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka m'miyezi 18. Zaka zapita, ndende zikadali zodzaza, ndipo pakati pa odzazawo pali anthu ambiri amene lamulo likuwatcha osalakwa.

Pali chinthu china chimene chimandiwawa kwambiri. Munthu wa mlandu waung'ono akaona kuti miyezi ikupita, anzake m'chipindamo amamulangiza kuti ingovomera, akulamule, udziwe tsiku lotuluka. Ena amavomeradi milandu imene sanapalamule. Wopezeka wolakwa nthawi zambiri khoti limamuwerengera chilango kuyambira tsiku limene anamangidwa, choncho masiku a limandi samutayikira. Koma wopezeka wosalakwa patatha zaka zinayi, akabwezeredwa ndi yani? Apeza munda walandidwa, mkazi wabwerera kwawo, ana asiya sukulu, ndipo pamudzi akumutchabe wakupha.

Tsono ndiyambe ndi inu abale ake. Kupita ndi kambale ka nsima Lamlungu n'kwabwino, koma sikutulutsa munthu. Tengani kope, mulembe tsiku limene anamangidwa, polisi imene inamumanga, dzina la wapolisi wofufuza, nambala ya mlandu, khoti limene anapitako, tsiku lomaliza limene anaonekera kukhoti ndi tsiku limene anauzidwa kuti adzabwerenso. M'bale wanu akakuuzani kuti alibe tsiku lobwerera kukhoti, kapena kuti papita miyezi asanatengedwe, dziwani kuti fayilo yake yagona, ndipo siidzuka yokha. Ndi kope limenelo pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau, imene boma linakhazikitsa kuti ipereke maloya kwa anthu osauka. Funsaninso za maparaligo a bungwe la PASI, anthu odziwa malamulo koma osati maloya, amene akhala akulowa m'ndende kuyambira mu 2000 kukafufuza anthu oiwalika ndi kuthandiza kukonza makhoti okhalira kundende komweko, kumene majisitireti amabwera n'kuona mafayilo a anthu a pa limandi. Pa mlandu wakupha, pempho la belo limapita kukhoti lalikulu, ndipo loya adzafuna masiku aja kuti asonyeze kuti malire anadutsa kalekale. Mukapita manja lendelende n'kumati anamangidwa chaka chija kunali njala, mwamuchedwetsa nokha.

Belo imafuna anthu omuimira, nthawi zambiri awiri, okhala ndi chiphaso ndi malo odziwika, olonjeza kuti munthuyo azibwera kukhoti. Pali anthu amene khoti linawapatsa belo koma akadali m'ndende chifukwa palibe m'bale anabwera kudzasayina. Amalume, mumaopa chiyani? Kuimira munthu pa belo sikuvomereza kuti analakwa, ndipo simumangidwa chifukwa cha mlandu wake. Chimene mwalonjeza ndi ndalama imene khoti latchula, imene mudzalipire ngati iye athawa. Dziwaninso kuti belo ya kupolisi, pa milandu ing'onoing'ono, ndi yaulere. Wina akakuitanirani kuseri kwa ofesi kuti mupereke kangachepe, chimenecho ndi chiphuphu. Ndalama ya belo imene khoti lalamula imaperekedwa ku ofesi ya khoti ndipo mumalandira lisiti, lisungeni.

Inu odandaula, nanunso mumve. Mwamangitsa munthu chifukwa cha ngongole ya matumba awiri a feteleza, kapena mkangano wa malire a munda, mukuti akagoneko aphunzire. Ngongole si mlandu wa chitokosi. Ili ndi njira yake kwa amfumu ndi kukhoti la milandu ya pakati pa anthu. Choipa koposa, mukamumangitsa mumasowa. Khoti likuitanani kudzachitira umboni, inu muli kumsika. Mlandu uimitsidwa, uimitsidwanso, munthu akubwezedwa ku shamba kuja. Ngati munalakwiridwadi, bwerani mudzanene zimene munaona, mlandu uthe. Ngati mtima wanu unaphwa, pitani mukanene kupolisi ndi kukhoti, osangokhala chete ngati simunayambitse kanthu. Ngakhale a banja la womwalirayo sapindula ndi kuchedwaku, pakuti zaka zikapita mboni zimamwalira kapena kuiwala, ndipo wolakwa weniweni angathe kumasulidwa chifukwa umboni unatha mphamvu.

Ana athu a m'maofesi, apolisi, makalaliki a kukhoti ndi oyang'anira ndende, tikudziwa kuti oweruza ndi ochepa ndipo ndalama sizikwana. Koma kusamutsidwa osasiyira mnzako doketi si vuto la ndalama. Kusunga munthu pa chikalata cha limandi chimene masiku ake anatha, osadziwitsa khoti, si vuto la mafuta.

Ndipo iwe mwana wanga amene watuluka pa belo, usatichititse manyazi. Akakuuza kuti uzikaonekera kupolisi pakatha masabata awiri alionse, pita, ngakhale mvula ikugwa, ndipo uonetsetse kuti alemba m'buku. Usayandikire mboni, usawatumizire mawu kudzera mwa azakhali. Ukadwala tsiku la khoti, tuma amene anakuimira apite ndi kalata ya kuchipatala. Ukathawira ku Tete kapena ku Chipata, khoti litulutsa chikalata chokumanga, amalume ako alipira ndalama ija, ndipo ukagwidwa udzadikira mlandu wako uli mkati, popanda woweruza wofuna kumvanso za belo yako.