Musamathamangire hagi anthuni, yambani mwaona manja a mnzanu

Maganizo anga pa nkhani ya moni ndi awa, ndipo amene akwiye akwiye basi. Anthu awiri mukakumana ndipo miyambo yanu ndi yosiyana, amene amakhudza thupi pang'ono ndi amene akuyenera kutsatiridwa. Iwe wa hagi dikira wa chanza, iwe wa chanza dikira wongowomba m'manja kapena wowerama. Chifukwa munthu amene sanalandire hagi palibe chimene wataya, mwina angochita kamanyazi pang'ono, koma amene wakumbatiridwa asakufuna zimamukhala mumtima tsiku lonse ndipo sungabweze.

Chodabwitsa nchoti ife kuno ku Ntcheu lamulo lodikirali tinali nalo kale, kungoti taliiwala chifukwa cha ma wekishopu ndi zamutauni. Taganizani mmene mlendo amafikira pakhomo kumudzi. Amaima chapatali nkunena kuti odi, eni khomo amayankha odini, amamulandira katundu, kumuyalira mphasa kapena kumupatsa mpando, iye nkukhala phee. Sayamba ndi iye kuzungulira kugwira anthu chanza ayi. Akakhala ndi pamene eni khomo amabwera mmodzimmodzi kudzamulonjera, amayi atagwada, ana atanjuta, abambo atanyonyomala kapena atakhala pampando wao, dzanja lamanzere litagwirizira mkono wamanja, ena kungowomba m'manja chapatali nkuti muli bwanji aNgozo, mwawasiya bwanji kunyumba. Mlendo ntchito yake ndi kudikira. Tsono kwa azungu ambiri ndi zotembenuza, wofika ndi amene amatambasula dzanja pakhomo pomwepo ataimirira, kukuyang'ana m'maso, kufinya dzanja kamodzi kawiri nkusiya. Kwa iwo dzanja lofewa ndi maso oyang'ana pansi amaona ngati munthuyo ndi wamantha kapena akubisa kanthu, pamene kwathu ndiye ulemu wake umenewo, mwana wotong'olera maso akuluakulu timati ndi wamwano. Nde mukuona kuti aliyense akuchita zaulemu mwakwao koma onse awiri akuchokapo atakhumudwa.

Ndikupatseni nkhani yeniyeni ya pabanja pathu. Mchemwali wanga anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Mozambique, osati wa ku Angonia kuno amene timagula nawo mbatatesi ndi kabichi pa Lizulu, amenewo ndi anzathu omwe chilankhulo ndi miyambo nzofanana, koma wa ku Beira, wokulira mutauni mwachipwitikizi. Kumeneko mkazi akakumana ndi mkazi mnzake kapena ndi mwamuna amene akudziwana naye amagundanitsa masaya kawiri, uku ndi uku, kakisi ka m'malere, amuna okhaokha ndi chanza kapena kumenyana pamsana. Tsiku lodzaonekera kumudzi alamu athuwo anabwera ndi mlongo wao, mtsikana waulemu wake ndithu, atavala chitenje chomwe anamuuza kuti avale. Za chitenje anamuuza, za moni palibe anakumbuka.

Atangotsika galimoto mtsikana uja anaona agogo aamuna atakhala pakhonde, nkuona kuti awa ndiye akuluakulu ndiyambire pomwepa, anapita molunjika, kuwagwira mapewa nkuweramira kutsaya. Agogo anabwezera mutu kumbuyo mpaka chipewa kugwa, manja ali pa ndodo osasuntha, nkungoti "aaa aaa mayi, khalani kaye pansi". Mtsikana anaona ngati amukana, misozi inalengeza. Ndipo alamu nawo, pofuna kukonza zinthu, anathamangira kwa amayi athu dzanja lili patsogolo, mkamwini kwa apongozi ake aakazi tsiku loyamba kkkkk, amayi anangobwerera chambuyo nkukagwada kuseri kwa nkhokwe uko nkumawomba m'manja. Amene ndi akuno mukudziwa kuti m'mabanja ambiri mkamwini ndi apongozi aakazi sayandikana, moni amapatsana motalikirana, ena mpaka kupatukirana njira. Si chidani, ndi ulemu waukulu kuposa chanza chimene.

Chimene ndikufuna muone apa ndi choti zizindikiro zonse zinalipo asanakhudze munthu. Agogo sanadzuke, manja sanachoke pa ndodo. Mphasa inali itayalidwa kale pansi pa mtengo, kutanthauza kuti malo anu ndi awo. Amayi anali ataima patali osayandikira. Akanangoima masekondi atatu okha, kumwetulira, kunena moni wapakamwa nkuyang'ana manja ndi mapazi a eni khomo, akanadziwa chochita popanda wowauza. Munthu wofuna chanza amasuntha kukuyandikira ndipo phewa lamanja limatsogola. Wofuna hagi manja onse awiri amatseguka. Amene sakufuna kukhudzidwa manja amakhala otanganidwa, ali pachifuwa, ali kumbuyo, agwira chitenje, kapena wayamba kale kuwomba. Ukaona choncho usakakamire.

Anakonza zinthu ndi amalume, ndipo njira yao ndi imene ndimaikonda. Sanakalipe, anangowatenga alendo aja nkuwakhazika pamphasa, iwo eni nkuyamba kuwalonjera mwachikwathu pang'onopang'ono kuti aonere, kenako ena onse anatsatira. Pofika kwa agogo mtsikana uja anali ataona kale kangapo, anagwada, agogo okha ndi amene anatambasula dzanja, iye nkulandira atagwirizira mkono. Koma ndinenepo apa kuti wolakwa weniweni sanali mlendo, ndi ife amene tinamubweretsa. Ukamabwera ndi munthu wachilendo kwanu muuziretu muli m'galimoto, pa Tsangano teni ofu pomwe uzikhala utamaliza kumufotokozera kuti akuluakulu sitiyamba ndife kuwagwira, ukhale pansi kaye, uyu ndi mpongozi wako usamuyandikire.

Zomwezi zimatichitikira ifenso mbali inayi. Ku Dedza tili ndi abale athu achisilamu ambiri, ndipo ena mwa iwo, osati onse, sagwirana chanza mwamuna ndi mkazi amene si pachibale. Mayi wotere ukamutambasulira dzanja amaika lake pachifuwa nkuweramitsa mutu pang'ono. Ndaonapo abambo ena pa mitingi dzanja lili m'malere akukakamira kuti "tagwirani amayi simufa", zonyansa zedi. Bweza dzanja lako, liike pachifuwa nawenso, nena moni, nkhani yatha ndipo palibe amene akumbukire. Chifukwa choti si onse, nchifukwa chake mwamuna azidikira mayiyo ayambe, akatambasula gwira, akapanda kutero usafunse chifukwa. Amayi inunso chimodzimodzi mukakumana ndi ashehe. Ndipo dzanja lamanzere ayi, kaya kwa Asilamu, kaya kwa amwenye, kaya kwathu komwe, ngati lamanja lili ndi mafuta kapena dothi timapereka mkono kuti agwire pamenepo.

A ku Japan nawo tawazolowera, mavolontiya ao anayamba kubwera ku Malawi kuno mu 1971 ndipo ambiri tinaphunzitsidwapo masamu kapena sayansi ndi iwo kusekondale. Kwao moni ndi kuwerama osakhudzana, msana wowongoka, maso pansi, ndipo kuweramako kuli ndi miyeso, pang'ono ngati madigiri 15 kwa munthu wongodutsana naye, 30 kwa bwana kapena kasitomala, 45 pothokoza kwambiri kapena popepesa. Vuto limabwera chifukwa iye waphunzitsidwa kuti Amalawi amakonda chanza, iwe wamva kuti a ku Japan amawerama, nde iye akutambasula dzanja iwe ukuwerama, mwazindikira nonse nkusinthana, iwe dzanja iye mutu, ngati anthu awiri opatukirana pa kamlatho ka mtengo umodzi. Zikatero ima, seka, tenga chimene iye wayamba nacho. Osaphatikiza zonse ziwiri mwamphamvu mungagundane mitu. Ngakhale Barack Obama mu 2009 anagwira chanza Mfumu Akihito ya ku Japan kwinaku atawerama kwambiri, kwao ku Amerika anamunena kuti wadzichepetsa mopyola. Chaka chomwecho mkazi wake Michelle anaika dzanja pamsana pa Mfumukazi Elizabeth ku London, manyuzi nkusokosera kuti mfumukazi sakhudzidwa chisawawa, ngakhale mwini wakeyo sanaoneke kukhumudwa. Ngati anthu okhala ndi alangizi a zamwambo amasokonezeka, kuli bwanji iwe ndi ine.

Tsono pali amene anganene kuti aliyense akamadikira mnzake ndiye tingoima ngati zitsa osapatsana moni. Funso labwino, koma kudikira kumene ndikunena ndi kwa thupi basi, osati kwa pakamwa. Mawu sadikira, nkhope siidikira. Nena moni, weramitsa mutu pang'ono, manja akhale poonekera osati m'thumba, zimenezi palibe mtundu umene ungakwiye nazo. Za kukhudza ndiye zili ndi mwini wake woyamba. Pakhomo pa munthu ndi mwini khomo. Pakati pa wamkulu ndi wamng'ono ndi wamkulu, pamaso pa mfumu ndiye osayerekeza nkomwe, sungapite kwa Inkosi ya Makhosi Gomani dzanja lili patsogolo ngati mnzako wa pa bawo, umapereka ulemu uli pomwe ulipo ndipo chanza chimachokera kwa iwo akafuna. Pakati pa mwamuna ndi mkazi osadziwana ndi mkazi. Malamulowa akasemphana, tinene kuti ndiwe mwini ofesi koma walowa ndi gogo wamkazi wachilendo, ine ndimati msinkhu ndi ukazi zipambane, dzuka, lonjera pakamwa, loza mpando, dzanja lake likabwera landira.

Pamene sindigwirizana ndi kudikira ndi pomwe iweyo ndiwe wamkulu kapena mwini malo. Apo usamusiye mlendo akuzunzika osadziwa pogwira. Yamba iwe msanga, ndipo yamba ndi chopepuka, chanza kapena kuwomba m'manja, osati hagi. Ku intaviyu kapena pa ofesi ndi azungu, iwo akatambasula dzanja gwira molimbako pang'ono, ayang'ane m'maso, usiye msanga. Chija timachita ife chogwira dzanja la munthu mpaka nkhani yonse ya mvula ndi feteleza ithe, kapena chanza chathu chapatatu chopinda chala chachikulu, ambiri a iwo sachidziwa, amayamba kukoka dzanja mwakachetechete. Ukamva akukoka msiye.

Ndipo hagi imeneyi yafika ponseponse tsopano, ku tchalitchi, pa ukwati, ana obwera ku Joni kukumbatira aliyense mpaka azakhali a mkazi wao. Kwa anzako amsinkhu wako palibe vuto, ine ndimakumbatira anzanga bwinobwino. Koma pali abambo ena amene amabisala mu hagi, mtsikana watambasula dzanja poyera kuti chanza basi, iwo kulikoka dzanjalo nkumumata pachifuwa, ati ndi chizungu. Azungu ake ati? Ngakhale kwao komweko munthu amene mwangokumana naye pantchito sumukumbatira. Nthawi ya korona mu 2020 tonse tinasiya chanza, tinkagundana zigongono, ena mapazi, ena kubwerera ku kuwomba m'manja kwa makolo, maliro ndi maukwati zinkayenda ndithu ndipo palibe anadandaula kuti sanalonjeredwe. Nde mtsikana akabweza phazi kumbuyo kapena kuika chikwama patsogolo pake, bambo inu mwaona, musanamizire kuti simunaone.